Milomo yatseka kale koma mawu akubwerabe: kusaka chomwe chikuchedwetsa Bluetooth

Anthu ambiri akaona kuti mawu a pa mahedifoni kapena sipika ya Bluetooth akutsalira m'mbuyo mwa chithunzi amangoti basi andigulitsa feki. Nthawi zina ndi zoona, zinthu zachabechabe zilipo zambiri pamsika. Koma nthawi zambiri chipangizocho chilibe vuto lililonse, ndipo mukapita kukasintha mubwera ndi china chochedwa chimodzimodzi, ndalama ya minibasi itapita. Bluetooth iliyonse imachedwetsa mawu, yodula ndi yotchipa yomwe. Chomwe chimasiyana ndi chakuti pena chinthu chomwe chikuonetsa vidiyo chimadziwa za kuchedwako n'kuchigwira chithunzi kuti chidikire mawu, pena sichidziwa. Ndiye posaka vuto funso lenileni ndi limeneli, kodi chomwe chikuonetsa chithunzichi chikudziwa kuti mawu achedwa, nanga chingathe kudikira?

Tiyambe ndi kukula kwa kuchedwako kuti tizimvana. Timayeza m'mamilisekondi, ndiye kuti sekondi imodzi mwaigawa ka 1000. Mahedifoni wamba a Bluetooth amachedwa penapake pakati pa 150 ndi 250, ena makamaka timahedifoni tating'ono topanda waya uja tolowetsa m'khutu timatha kupyola pamenepo. Zikumveka zochepa eti? Koma mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuchedwa kwa 200 kuli ngati munthu akuwaza nkhuni pa mtunda wa mamita pafupifupi 70, nkhwangwa mukuiona yagwa kale pa chipika, kenako ndi pomwe mukumva kuti kho. Ubongo wathu unazolowera zimenezi, n'chifukwa chake mawu akachedwa pang'ono sitidandaula. A bungwe la ITU, lomwe limaika miyezo ya za mawailesi ndi kanema padziko lonse, anapeza kuti anthu amayamba kuzindikira mawu akachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 125, ndipo akafika cha m'ma 185 zimayamba kunyansa. Koma mawu akatsogola chithunzi, 45 yokha munthu wazindikira kale, poti m'chilengedwe sizichitika kumva kaye kenako n'kuona. Ndiye taonani pomwe Bluetooth wamba yagwera, pamalire penipeni pomwe munthu amayamba kutopa nazo.

Nanga nthawi imeneyi imathera kuti? Osati mumpweya ayi, mafunde a wailesi amafika pa khutu lanu nthawi yomweyo. Imathera m'zipangizo ziwirizo. Foni imatenga mawu, kuwadula tizidutswa, kuwapanikiza kuti achepe, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi chomwe amati kodeki, kenako n'kutumiza. Mahedifoni akalandira saimba pompo, amayamba asunga kaye tizidutswa tingapo m'kamalo kodikirira kotchedwa bafa, ndipo mbali yaikulu ya kuchedwa konse ili pamenepa. Amasungiranji? Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso pamayenda Wi-Fi ndi zinthu zina zambirimbiri, ndipo imadumphadumpha pa matchanelo 79 pothawa phokoso la anzakewo. Tizidutswa tina timatayika panjira ndipo timayenera kutumizidwanso. Pakanakhala popanda bafa, kachidutswa kalikonse kotayika mukanamva nyimbo ikudukiza. Ndiye opanga mahedifoni amasankha dala kuti bola mawu achedwe koma asaduke, chifukwa pomvera nyimbo palibe amene amadziwa kuti nyimbo yayamba mochedwa ndi kagawo ka sekondi. Ine sindiwanena, pa nyimbo anasankha bwino. Vuto limabwera pakakhala chithunzi choti chifanane ndi mawuwo.

Pofuna kukonza zimenezi, mu malamulo a Bluetooth anaikamo njira yoti mahedifoni aziuza foni kuti ine ndimachedwa mwakuti, dzina lake ndi Delay Reporting. Foni ikamva, pulogalamu yoonetsa vidiyo imachedwetsa chithunzi ndi nthawi yomweyo, ndiye zonse ziwiri zachedwa limodzi, inu simuona kanthu. Ichi n'chifukwa chake mahedifoni omwewo pa YouTube ya pa foni amakhala bwinobwino, koma mukatsegula gemu mfuti ikulira mutawombera kale. Gemu singadikire, chithunzi chimayenera kusintha nthawi yomwe chala chagunda sikirini. Mukamvetsa chimenechi theka la kusaka latha.

Ndikuuzeni za mlamu wanga, chifukwa nkhani yake ili ndi pafupifupi zonse zomwe zimasokoneza anthu. Iwo amakonda mpira wa usiku, koma m'nyumba muli khanda, ndiye anaganiza zomaonera ndi mahedifoni. TV yawo ilibe Bluetooth, choncho anagula kathiransimita kaja kolowetsa pa bowo la mahedifoni kumbuyo kwa TV, kamene kamatenga mawu n'kuwaponya pa Bluetooth. Kulumikiza kunayenda bwino, mawu akumveka bwino, koma wosewera amenya mpira, mpira uli kale m'mwamba ndi pomwe akumva kugunda. Pa nkhani za madzulo ndiye zinali zoipiratu, wowerenga nkhani watseka pakamwa mawu akupitirirabe. Anandiimbira kuti alamu, mahedifoni ajawa ndi obooka, tiyeni mukandithandize kubweza.

Sitinabweze. Choyamba chomwe ndimachita nthawi zonse ndi kuchotsa Bluetooth yonse n'kumvera pa sipika ya TV kapena ya foni, chifukwa mavidiyo ena amabwera osokonekera kale, makamaka aja odutsa m'manja ambiri, wina anadula, wina anapanikiza kuti alowe pa WhatsApp, wina anakopera ku shopu yoika mafilimu. Vidiyo yotero ngakhale mutagula mahedifoni a mtengo wanji mawu sadzagwirizana ndi milomo. Kwa alamu pa sipika ya TV zonse zinali bwino, ndiye dikoda ndi TV tinazichotsa pa mlandu.

Chachiwiri, mahedifoni omwewo tinawalumikiza ku foni n'kutsegula vidiyo ya munthu akuyankhula moyang'ana kamera. Milomo ndi mawu zinali limodzi ndithu. Alamu anadabwa, amvekere ndiye kuti TV ndi yomwe yafa? Ayi, TV siinafe. Kathiransimita kaja kamalandira mawu pa waya ngati mmene mahedifoni a waya amalandirira, ndipo pa bowo limenelo mawu amangotuluka, palibe njira yoti uthenga ubwerere ku TV. Mahedifoni atha kunena kuti ndimachedwa mwakuti, koma akuuza thiransimita, ndipo thiransimita ilibe chithunzi choti igwire. TV ikungodziwa kuti yatulutsa mawu pa nthawi yake, basi.

Kenako tinayeza, chifukwa ine ndimafuna nambala, mawu oti zikuchedwa kwambiri sathandiza posankha chochita. Njira yake ndi yosavuta ndipo simufunika chipangizo chapadera. Jambulani vidiyo yaifupi wina akuwomba m'manja kamodzikamodzi, kusiya mpata pakati, ali pafupi ndi foni, manja akuoneka bwino. Ikani pa fulashi, iseweretseni pa TV. Tsopano tengani foni muijambule TV ija ikuonetsa vidiyoyo, khutu limodzi la mahedifoni mutaligunditsa pa maiki ya foni, voliyumu ya mahedifoni ili pamwamba. Mukatsegula zomwe mwajambulazi mu pulogalamu iliyonse yodulira mavidiyo yomwe imaonetsa mafunde a mawu pansi pa chithunzi, kuwomba kuja kumaoneka ngati kamzere kosongoka. Pezani fulemu, kutanthauza chithunzi chimodzi mwa zomwe zimapanga vidiyo, yomwe manja akumana, muwerenge mafulemu mpaka pa kamzereko. Mafoni ambiri amajambula mafulemu 30 pa sekondi, ndiye fulemu imodzi ndi mamilisekondi 33. Yezani kawiri, koyamba ndi sipika ya TV, kachiwiri ndi Bluetooth, chifukwa foni yojambulayo nayonso itha kukhala ndi kakuchedwa kake, ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndi komwe kuli kwa Bluetooth. Ife pa sipika tinapeza fulemu 1, pa mahedifoni mafulemu 7. Kusiyana 6, kuchulukitsa ndi 33, pafupifupi 200. Tinabwereza patapita kanthawi, nambala yomweyo.

Zoti nambala sinasinthe n'zofunika kwambiri, mwina kuposa nambala yeniyeniyo. Kuchedwa kokhazikika, komwe kuli chimodzimodzi poyamba filimu ndi pothera, ndi kwa bafa ndi kodeki, chipangizo chili bwino, chinapangidwa choncho. Kuchedwa komwe kumayamba pang'ono n'kumakula filimu ikamapita, koma mukaimitsa n'kuyambiranso kapena kudumphitsa pang'ono kumabwerera m'malo, kumeneko kawirikawiri ndi pulogalamu yoseweretsa kapena fayilo, yesani pulogalamu ina musanaganize zogula kanthu. Ndiye pali kwina kosinthasintha, pano zili bwino, pano mawu adukiza kenako atsalira, uku ndi kusokonezeka kwa mafunde. Mtunda watalika, pali khoma, rauta ya Wi-Fi ili pafupi, kapena thupi lanu lomwe latchinga poti thupi la munthu limameza mafunde a 2.4 GHz, foni ili m'thumba la kumbuyo mahedifoni ali kumutu. Pa laputopu ngakhale fulashi kapena hadi ya USB 3.0 yolowetsedwa pafupi ndi kachipangizo ka Bluetooth kolowetsa pa USB imatha kuchita phokoso pa mafunde omwewa. Mankhwala ake ndi kusendeza zinthu, kuyandikira, kapena kusamutsira Wi-Fi pa 5 GHz ngati rauta ikutha.

Ndipo ngati mawu akutsogola, chithunzi n'kumabwera pambuyo, musayambe ndi kuloza chala Bluetooth, iyo payokha imangochedwetsa mawu. Nthawi zambiri pamenepo ndi laputopu kapena foni yomwe yalemedwa ndi vidiyo yaikulu, chithunzi chikukanika kuthamanga, tsitsani kuchoka pa 1080p kupita pa 720p muone. Apo ayi ndiye kuti mahedifoni auza foni nambala yokulirapo kuposa mmene akuchedwera, foni n'kugwira chithunzi mopitirira, zikatero kuchotsa mahedifoni pa mndandanda wa Bluetooth n'kuwalumikizanso pena kumathandiza.

Tibwerere kwa alamu. Iwo anali atapeza kale mu masetingi a TV malo olembedwa Audio Delay, ma TV ena amalemba Lip Sync kapena AV Sync, ndipo anakweza mpaka kumapeto poganiza kuti akukonza, zinthu n'kuipiraipira, kenako anabweza pa 0. Setingi imeneyi pa ma TV ambiri imangopita mbali imodzi, imawonjezera kuchedwa kwa mawu. Opanga ma TV anaiikira vuto losiyana ndi lathuli, pomwe TV ikuchedwa kukonza chithunzi koma mawu atuluka kale pa masipika akunja. Ife timafuna mawu afulumire kapena chithunzi chidikire. Ngati TV yanu ikulola kupita ku manambala a mayinasi muli ndi mwayi, koma yawo simalola, ndiye pamenepo 0 ndiye panali pabwino.

Chomwe chinandiwawa ine ndi katoni ya kathiransimita kaja. Panalembedwa bwinobwino kuti aptX Low Latency, ndipo sanawanamize, kodeki imeneyi ya kampani ya Qualcomm imatsitsadi kuchedwa kufika cha m'ma 40, komwe munthu sungazindikire. Koma kodeki imagwira ntchito pokhapokha mbali zonse ziwiri zili nayo. Zipangizo zikamalumikizana zimafunsana kuti iwe umatha ziti, n'kusankha yomwe onse akuidziwa. Mahedifoni a alamu amatha SBC ndi AAC basi, thiransimita ilibe AAC, ndiye zinagwera pa SBC, yomwe chipangizo chilichonse choimba nyimbo pa Bluetooth chimayenera kukhala nayo. Mathiransimita ambiri ali ndi kagetsi kosonyeza kodeki yomwe ikugwira, ndipo pa ka alamu kanayaka pa SBC nthawi yonseyi, kungoti munthu sungadziwe kuti kakutanthauzanji ngati wina sanakuuze.

Pano ndionjezepo za manambala aja amalemba pa makatoni, Bluetooth 5.0, 5.3, anthu amagula poganiza kuti nambala yaikulu ndiye kuti sizichedwa. Nambala imeneyo payokha sikuuzani za kuchedwa kwa mawu, mahedifoni a 5.3 omwe akuyendera SBC ndi bafa yaikulu achedwa ngati akale omwe. Chimodzimodzi LDAC ya Sony, ndi yabwino pa kukoma kwa nyimbo chifukwa imanyamula zambiri, mpaka 990 kbps, koma sinapangidwire kufulumira. Chatsopano chomwe chikuchepetsadi kuchedwa ndi LE Audio ndi kodeki yake ya LC3, koma nayonso lamulo ndi lomwe lija, foni ndi mahedifoni zonse zikhale nayo. Pa foni ya Android mutha kuona nokha kodeki yomwe ikugwira, pitani pa About phone, gundani Build number ka 7, mutsegule Developer options, mupeze Bluetooth Audio Codec mahedifoni ali olumikizidwa. Mutha kuyesa kusintha, koma musayembekezere zodabwitsa, ngati mahedifoni alibe kodekiyo foni siilola kapena imabwerera pa yakale, ndipo kusintha pakati pa SBC ndi AAC sikuchotsa bafa ya m'mahedifoni. Chomwe chimathandiza zenizeni pa timahedifoni tambiri ndi Game Mode, yomwe imachepetsa bafa ija, kuchedwa kumatsika koma mukatalikira foni pang'ono mawu amayamba kudukiza msanga.

Ndiye tinatani? Tinagawa vutolo pawiri. Pa mafilimu a pa fulashi zinali zosavuta, chifukwa fayilo ili kale yonse, pulogalamu itha kutumiza mawu msanga chithunzi chisanafike. Tinalumikiza laputopu ku TV ndi waya wa HDMI, mawu akutulukirabe pa thiransimita, n'kuseweretsa filimu mu pulogalamu ya VLC. Pa Windows mukadina J mawu amafulumira ndi mamilisekondi 50, mukadina K amachedwa ndi 50. Tinadina J mpaka pa sikirini panalemba -200 ms, milomo ndi mawu zinakumana. Mutha kulembanso nambalayo pa Tools, Track Synchronization, koma kumeneko imalembedwa m'masekondi, ndiye mulembe -0.200. Amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya mpv ndi chimodzimodzi:

```
mpv --audio-delay=-0.2 filimu.mp4
```

Ngati mulibe nthawi yojambula ndi kuwerenga mafulemu, VLC yomweyi ndi choyezera chabwino, seweretsani vidiyo ya kuwomba m'manja ija, muzidina J mpaka diso ndi khutu zigwirizane, nambala yomwe yatsala pa sikirini ndiye kuchedwa kwanu. Malangizo anga ndi oti mukafika pokayika pakati pa manambala awiri, siyani mawu achedweko pang'ono kusiyana n'kuti atsogole, paja tanena kuti khutu limakhululukira kuchedwa koma kutsogola ayi. VLC ya pa Android nayo ili ndi Audio delay mkati mwa vidiyo ikamasewera.

Mpira ndiye unali wovuta, chifukwa ukuchokera pa dikoda kupita pa TV, pakati palibe pulogalamu yoti muiuze kuti gwira chithunzi. Tinayesa kanjira kena komwe anthu ambiri sakadziwa. TV imatenga kanthawi kukonza chithunzi isanachionetse, ndipo ma TV ambiri amachedwetsa mawu awo ndi kanthawi komweko kuti zifanane. Mukatenga mawu pa TV ndiye kuti mwatenga ochedwetsedwa kale, Bluetooth n'kudzawonjezera pamwamba. Koma dikoda kumbuyo ili ndi mabowo ake a mawu, lofiira ndi loyera aja. Tinasamutsa thiransimita kuichotsa pa TV kuiika pamenepo, chithunzi chikudutsabe pa HDMI. Apa mawu anyamuka msanga, chithunzi chikuchedwa m'kati mwa TV, ndiye mpata wachepa. Pochita izi onetsetsani kuti Game Mode ya TV ndi yozimitsa, chifukwa iyo imafulumizitsa chithunzi, pomwe inu apa mukufuna chichedwe. Phindu lake limadalira TV, ina imachedwa kwambiri ina pang'ono chabe. Kwa alamu zinasinthako moti mpira unayamba kuoneka bwino, koma pa nkhani, pomwe kamera ili pankhope ya munthu, milomo imaonekabe kuti yatsogola.

Kuti zitheretu panatsala njira ziwiri. Kugula mahedifoni omwe alidi ndi aptX Low Latency kuti agwirizane ndi thiransimita yomwe ali nayo kale, ndipo awa sapezeka paliponse, pamafunika kuwerenga bwino chifukwa aptX yokha yopanda mawu oti Low Latency ndi kodeki ina, imachedwabe. Kapena waya. Mahedifoni awo ndi aja ophimba makutu, ali ndi kabowo ka 3.5 mm pansi, ndiye waya wautali wochoka pa TV kufika pa mpando ukuthetsa nkhani yonse, palibe bafa, palibe kodeki, palibenso zotchaja batire. Ine ndinawauza kuti pa mpando umodzi womwewo usiku uliwonse waya ndi wabwino kuposa kuwononga ndalama zina, bola audutsitse m'mbali mwa khoma kuti mlongo wanga asapunthwe atanyamula mwana. Anagula wa mamita 5, thiransimita ija pano amaigwiritsa ntchito poponya nyimbo za pa dikoda ku sipika ya pakhonde, komwe kulibe chithunzi choti munthu ayerekeze nacho.

Kwa amene mukufuna kugula mahedifoni kapena sipika yoonera mavidiyo, yeserani pomwepo musanalipire, ndipo musayesere pa YouTube chifukwa foni ibisa kuchedwako. Lumikizani, tsegulani kaphokoso ka kiyibodi kaja kamalira mukamalemba meseji, kapena gemu iliyonse, mugunde sikirini mumve kuti mawu akubwera liti. Kumeneko foni ilibe mpata wodikira, ndiye zomwe mukumvazo zili pafupi ndi zomwe mukapeze mukakalumikiza pa TV kunyumba.